Mawu oti mtsikana wa ku Wusakile awavale pachifuwa

Ku Wusakile, komboni yakale ya ogwira ntchito mumgodi wa Nkana mumzinda wa Kitwe, mawu amodzi akhoza kudzutsa khamu. Wina akangofuula "Kalampa" pabwalo la mpira la Nkana, aliyense wovala zofiira amadziwa kuti akunena iyeyo. Mabungwe othandiza atsikana kuti asasiye sukulu amasowa mawu otere, ndipo ambiri amaphonya pamalo amodzi: mbalume yawo imalankhula ndi wopereka ndalama, mtsikana n'kungokhala wokambidwa.

Vuto lenilenilo ndi lalikulu. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 adapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 mu Zambia, 29 anali ndi mwana kapena pathupi. Komabe khomo silidatsekeke. Kuyambira 1997, boma limalola mtsikana wochira kubwerera m'kalasi, mfundo yomwe bungwe la FAWEZA lidaimenyera nkhondo. Mu Januwale 2022 fizi idathetsedwa mpaka kusekondale, ndipo mu 2023 lamulo la ukwati lidasinthidwa kuti ngakhale ukwati wamwambo usamange mwana wosafika zaka 18. Chimene chimatsekereza ambiri tsopano ndi manyazi, kusowa womusiyira khanda, yunifolomu ndi zovala zakumwezi. Mbalume yabwino iyenera kulimbana ndi manyaziwo, osawaonjezera.

Tiyerekeze kuti bungwe laling'ono la amayi a mpingo ku Wusakile likufuna mawu olemba pamalaya ndi pachikwangwani. Oyamba kubwera m'mutu amakhala akuti "Pulumutsani mwana wamkazi". Ndalama akhoza kubweretsa, koma onani amene akuchita kanthu m'chiganizomo: ndi wopulumutsayo. Mtsikana wa zaka 16 amene wabwerera kusukulu atasiya khanda kwa agogo sangavale mawuwa podutsa pamsika wa Chisokone, chifukwa akulengeza kwa aliyense kuti iye ndi womira m'madzi. Mayeso oyamba ndi amenewa: ngati mwini nkhani akuvala malayawo mobisa, mkati mwa juzi, mawuwo alephera.

Achiwiri amakhala akuti "Tsogolo lowala". Sanyoza munthu, koma alibe mwini. Banki, sitolo ya mbewu kapena chipani zingawatenge osasintha chilembo. Chiyembekezo chopanda mneni ndi utsi chabe.

Ndiye mpatseni mtsikanayo mneni, alankhule yekha: "Sukulu nditsiriza." Mawu awiri okha, koma muli yemwe akuchita, chimene achite, ndi tsogolo loti n'kuliwerenga pakalendala, tsiku la mayeso omaliza. Amakwana amene sanasiyepo ndiponso amene wabwerera, ndiye sasankha wina kuti aloze chala. Izi n'zofunika kwambiri, pakuti mawu ngati "Ndabwerera" angaulule mbiri ya wovalayo.

Mabungwe aakulu adayenda njira yomweyi. Plan International idakhazikitsa kampeni ya Because I am a Girl padziko lonse mu 2012, mtsikana akudzilankhulira, ngakhale nthawi zambiri ankafotokoza zomwe amamanidwa. Mu 2018 idasinthira ku Girls Get Equal, yomwe idaika atsikana patsogolo ngati otsogolera. CAMFED, yomwe Ann Cotton adayambitsa ku Zimbabwe mu 1993 ndipo idafika mu Zambia mu 2001, idapitirira mawu: atsikana omwe idawaphunzitsa adapanga gulu la CAMA mu 1998, ndipo iwo eni amathandiza anzawo aang'ono. Pamenepo mawu oti mtsikana ali ndi mphamvu ali ndi umboni.

Ku Kitwe pali chinanso. Chiyankhulo cha pamsewu ndi Chibemba, ngakhale mabanja ochokera ku Chipata, Katete ndi Malawi adabwera kumigodi kalekale. Mawu oganizidwa m'Chinyanja kapena m'Chingerezi asangotanthauziridwa muofesi. Itanani atsikana khumi kapena kuposerapo, pasakhale mphunzitsi kapena kholo, anene okha m'Chibemba mmene angauzire mnzawo kuti sasiya sukulu. Mawa lake muwafunse mawu omwe akukumbukira. Mawuwo muwatengerenso kwa anyamata a m'kalasi lomwelo, chifukwa ngati mawuwo angapindidwe kukhala chitonzo, iwo adzawapinda tsiku loyamba.

Koma ine ndimachita mantha ndi mbali imodzi ya "nditsiriza". Lonjezolo lili pakamwa pa mwana. Bambo akachotsedwa ntchito kumgodi, kapena mchimwene amene amatola miyala pamulu wa zinyalala za mgodi wotchedwa Black Mountain akabwera chimanjamanja, mtsikanayo akhoza kusiya sukulu osafuna, malaya aja n'kusanduka mboni yomutsutsa. N'chifukwa chake bungwe lilembe mbali yake pansi pa mawuwo, m'zilembo zing'onozing'ono koma zomveka: yunifolomu, zovala zakumwezi, ndi mayi wopita naye kwa ahedi kukadzaza mapepala obwererera. Lingolemba zomwe lili nazo ndalama zake chaka chonse, ndi dzina la malo omwe mtsikana angapite Lolemba m'mawa.