Lendi m'tauni, nyumba kumudzi: funso loyamba ndi la malo

Tsiku la 30 likamayandikira, m'midadada ya ku Mtandire, Mgona, Ndirande ndi Mbayani mumamveka mawu amodzimodzi: "Ndalama za lendi zomwe ndalipira bwenzi nditamanga nyumba kwathu." Wonenayo sanama kwenikweni. Munthu wolipira K40,000 pamwezi amakhala atapereka K480,000 pakutha pa chaka, ndipo tsiku losamuka amachoka ndi mphasa, ziwiya ndi mbaula yake basi. Tsiku lolowa, eni nyumba ambiri amafunanso ndalama za miyezi itatu pakamodzi.

Komabe pali chimene mawu amenewa amabisa. Nyumba ya kumudzi sithetsa lendi. Munthu wogwira ntchito ku Kanengo sangagone ku Dedza n'kumafika pantchito 7 koloko m'mawa. Malinga ngati chakudya chake chikuchokera m'tauni, adzalipirabe chipinda, ndipo yomanga kumudzi ndi ndalama yachiwiri yotuluka m'thumba lomwelo. Choncho nkhani yeniyeni ndi yakuti: kodi achepetse moyo wa m'tauni mpaka pati kuti kumudzi kuime khoma, nanga khomalo liima pamalo a yani?

Tiyerekeze za bambo wina wolondera pakampani ku Kanengo. Kwawo ndi ku Dedza, akazi ake ndi a ku Ntcheu, ana alipo atatu. Asiya nyumba ya zipinda ziwiri n'kulowa ya chipinda chimodzi, ndipo ndalama yopulumukayo akuisunga kuti amangire. Asanaumbe njerwa ngakhale imodzi ayenera kusankha mudzi, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa.

Mwa Achewa, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja ambiri malo amayenda motsata mbumba ya kuchikazi. Bamboyu akamanga kwawo kwa akazi ake, akumanga ngati mkamwini. Ana ake adzakhala pawo, palibe wodzawathamangitsa, koma iye banja likatha kapena mayi akatsogola, mwambo umamuuza kuti anyamule bulangeti lake abwerere kwawo, malata n'kutsala. Akamanga kwawo ku Dedza, pamalo a mayi ake, iye ali pabwino, koma tsiku limene adzamwalire alongo ake ndi ana awo akhoza kunena kuti malowo ndi a mbumba, mkazi ndi ana apite kwawo ku Ntcheu. Kumpoto ndi m'madera ambiri a ku Nsanje ndi Chikwawa, kumene kuli malowolo, zinthu zimatembenuka: amene amakhala pachiopsezo ndi mkazi amene wathira ndalama zake za geni panyumba ya kwa mwamuna.

Malamulo aboma alipo. La chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. La malo a makolo la 2016 linatsegula njira yakuti munthu alembetse malo ake kudzera m'komiti ya malo yotsogozedwa ndi a gulupu, n'kulandira chikalata. Koma kalemberayu sanafike m'midzi yonse, ndipo mayi wamasiye wa ana atatu sakhala ndi mphamvu zoyenda ulendo wa kubwalo la milandu mwezi ndi mwezi pamene akukhala pakati pa anthu omwe akukangana nawo. Chanzeru n'chakuti bamboyu akhalitse pansi mwinimbumba, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi a nyakwawa, malire aonetsedwe ndi maso, zolemba zilembedwe zonena kuti nyumbayo ndi ya yani ndipo idzatsalira yani. Wokana kusaina lero ndi yemweyo adzavute mawa, ndipo kuli bwino kumudziwa simenti isanagulidwe.

Malo akamveka, kumanga kwenikweniko kumudzi n'kopepukirapo. Poloti sagula, dothi lili pomwepo, mchenga uli kumtsinje. Nyumba ya mamita 6 m'litali ndi 6 m'lifupi, ya zipinda ziwiri zogona ndi pabalaza, imadya njerwa pafupifupi 10,000 ngati makoma akunja ali a njerwa ziwiri m'kukhuthala, kuphatikiza maziko. Denga limafuna malata 20 kapena kupitirirapo pang'ono a mafiti 12, ndipo pansi pokha pamatha matumba a simenti pafupifupi 15 a makilogalamu 50. Njerwa amaumba m'chilimwe, kuyambira mu June mpaka mu September, kuti uvuni upse mvula ya mu November isanabwere. Nkhuni zootchera ndi zimene zasanduka mutu waukulu, chifukwa m'midzi yambiri mitengo inatha.

Dongosolo logulira zinthu ndi lofunika kwambiri. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene ankasunga ndalama kuti adzagule zonse pakamodzi anadzuka ndalama yawo ikugula malata ochepa. Lata siliola likaikidwa pouma, choncho mlonda uja angagule awiriawiri mwezi uliwonse, ndipo pakutha miyezi khumi denga lakwana. Aonetsetse geji: nambala ikakula lata limakhala lopyapyala, motero la geji 28 ndi lolimba kuposa la geji 32. Simenti yokha ndiyo yosagulira kusunga. Ikakhala miyezi ingapo m'nyumba ya chinyezi imayamba mibulu, ndipo mbulu ukakana kuphwanyika ndi zala thumbalo latha ntchito.

Chimene chimamvetsa chisoni ndi makoma oima opanda denga. Aliyense woyenda mumsewu wa M1 amawaona: nyumba yofika pamawindo, m'kati mutamera udzu, dothi lomangira litakokoloka ndi mvula ya zaka ziwiri. Mwiniwake anayamba zazikulu kuposa thumba lake, kapena ankatumiza ndalama pafoni kwa mbale amene anazipititsa ku feteleza ndi kuchipatala. Mbaleyo nthawi zambiri si wakuba. Mavuto a pakhomo ndi amene amafika msanga kuposa mmisiri. N'chifukwa chake ndi bwino kutumiza katundu m'malo mwa ndalama, kulipira mmisiri gawo ndi gawo akamaliza maziko, makoma ndi denga, komanso kupita wekha pa tsiku lozika maziko. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anaonetsa ku Phalombe, Mulanje ndi Chiradzulu mmene makoma a zidina ndi omangira dothi amagwera madzi akalowa kunsi. Ngati simenti ndi yochepa, ipite kumaziko ndi mizere yoyambirira, pepala la pulasitiki liyalidwe pamwamba pa maziko kuti chinyezi chisakwere, ndipo denga litulukeko mokwanira kuteteza khoma.

Ikatha, nyumba imafuna munthu. Yotsekedwa chaka chonse imadyedwa ndi chiswe m'mitengo ya denga, ndipo kumudzi kwenikweni kulibe woti angaichite lendi pokhapokha ili pafupi ndi sukulu, chipatala kapena msika, kumene aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo amasowa pokhala. Kuigulitsanso n'kovuta, chifukwa mlendo sagula nyumba yoima pakati pa mbumba ya eni.

Mnyamata amene ntchito yake, makasitomala ake ndi sukulu ya ana ake zili m'tauni kwa zaka zambiri zikubwerazi angachite bwino kupirira lendi n'kumasungira kapoloti m'mphepete mwa mzinda. Koma kwa mlonda uja, amene ntchito yake ingathe ndi kalata imodzi, amene akazi ake amalima kale kumudzi nyengo iliyonse, kumanga kuli ndi phindu lenileni. Amange yaing'ono yoti aifolere m'chilimwe chimodzi, pamalo amene mbali zonse ziwiri zasainira kuti adzatsalira mkazi wake ndi ana.