Momwe okhulupirira nyenyezi a ku India amawerengera banja lachiwiri

Ku India, munthu amene banja lake linatha kapena wamasiye akafuna kulowanso m'banja, achibale ambiri amatengera kundali yake kwa wowerenga nyenyezi. Kundali ndi tchati chosonyeza pamene dzuwa, mwezi ndi mapulaneti anali pa nthawi imene munthuyo ankabadwa, ndipo chimagawidwa m'nyumba 12. Nyumba ya 7 ndiyo ya ukwati. Mabuku akale salankhula zambiri za mkazi wokwatiwanso, chifukwa lamulo lolola amasiye achihindu kukwatiwanso linadza mu 1856, ndipo lololeza Ahindu m'dziko lonse kusudzulana linadza mu 1955. N'chifukwa chake owerengawa sagwirizana pa nkhaniyi.

Banja loyamba silifufutidwa pa tchati. Limakhalabe m'nyumba ya 7, ndipo kuwerenga kumayambira pamenepo. Ena amawerenga nyumba zitatu, kuphatikizapo ya 7 yomweyo, n'kufika pa 9. Ena amawerenga zisanu ndi zitatu n'kufika pa nyumba ya 2, ponena kuti nyumba yachisanu ndi chitatu kuchokera pa chinthu chilichonse imasonyeza kutha kwake ndi chimene chimabwera pambuyo.

Kusiyanaku kumaonekera pa mayi wobadwa chizindikiro cha Mesha chikutuluka kum'mawa. Nyumba yake ya 7 ndi Tula, yolamulidwa ndi Shukira, amene ndi Nthanda. Ya 9 ndi Dhanu, yolamulidwa ndi Guru, pulaneti lalikulu koposa. Ya 2 ndi ya Shukira yemwe uja. Miyambo ya kumeneko imagawa moyo m'nyengo zotchedwa dasha, zokwana zaka 120 zonse pamodzi, ndipo Guru ali ndi zaka 16 pomwe Shukira ali ndi 20. Wotsata nyumba ya 9 adzauza mayiyu kuti adikire nyengo ya Guru, wotsata ya 2 adzaloza ya Shukira. Tchati n'chimodzi, mayankho awiri.

Banja lakale limagwiranso ntchito ngati muyeso. Chizindikiro chotuluka kum'mawa chimasintha pafupifupi maola awiri aliwonse, choncho nthawi yobadwa ikalakwika, nyumba zonse zimasuntha. Wowerenga amafunsa chaka cha ukwati woyamba ndi chaka chimene unatha, n'kuona ngati zikugwirizana ndi dasha. Zikapanda kugwirizana, amasuntha nthawi yobadwa mpaka zigwirizane, ndipo apa m'posavuta kudzinamiza, popeza yankho amalidziwa kale.

Chopweteka kwambiri ndi nkhani ya Mangala, pulaneti lofiira. Akakhala m'nyumba ya 1, 4, 7, 8 kapena 12, ena amawonjeza ya 2, amati amawononga banja, ndipo wamasiye amatha kunenedwa kuti ndiye anadzetsa imfa ya mwamuna wake. Palibe umboni wa sayansi woti mapulaneti amathetsa mabanja, komabe owerenga ambiri amalangiza kuti munthu wotere apeze mnzake amene Mangala wake ali chimodzimodzi, poti awiriwo amafafanizirana tsokalo.