Kuwunika chojambula cha ntchito za pulogalamu

Pulogalamu isanalembedwe, akatswiri amajambula ntchito zake potsata malamulo a UML. Tiwunike chojambula cha makina otapira ndalama.

Yambani ndi tianthu tojambulidwa m'mbali. Kalikonse kamaimira udindo, osati munthu mmodzi: lembani Kasitomala, osati dzina lake. Kompyuta ya banki nayonso ndi wochita, popeza makinawo amaifunsa ndalama zotsala.

Kenako onani bokosi la malire. Ntchito, zolembedwa m'mizere yozungulira ngati dzira, zikhale m'kati. Ochita akhale kunja. Mukapeza Kasitomala m'bokosi, pamenepo palakwika.

Pomwe ambiri amasokonezeka ndi pa «include» ndi «extend». Funsani kuti: kodi ntchito yaikulu ingathe popanda inayo? Kutapa ndalama sikutheka osatsimikizira nambala yachinsinsi, choncho apa ndi «include», ndipo muvi uchoke pa kutapa kuloza kutsimikizira. Koma lisiti limatuluka pokhapokha kasitomala akalifuna. Apa ndi «extend», ndipo muvi uchoke pa lisiti kuloza kutapa.

Muvi ukatembenuka, chojambulacho chimanena zosiyana ndi zomwe makina amachita. Chikonzeni wolemba pulogalamu asanayambe ntchito.