Laputopu Ikamachedwa Kudzuka, Funsani Amene Akudzuka Nayo

Mwana wa mchemwali wanga, yemwe ali ku koleji, adabwera ndi laputopu yake Loweruka lina nkhope ili yakugwa. "Amalume, iyi yatha basi. Ndikaiyatsa ndimakatereka kaye madzi a tiyi, ndikamabwera ndiye imakhala itadzuka." Laputopuyo idali yakaunjika, ya Windows 10, ndipo iye anali atayamba kale kufunsa mitengo ya ina.

Tidaiyatsa wotchi ya pafoni ili m'manja. Kuchokera podina batani kufika pamalo olembera pasiwedi padatha masekondi 40, zomwe sizodandaulitsa pa makina a msinkhu umenewo. Vuto lidayamba atalowa. Sikirini idaoneka ngati zonse zakonzeka, koma atadina kuti atsekule chikalata, kalikonse sikadayankhe kwa mphindi pafupifupi zinayi. Apa mpamene pagona nkhani. Kuchedwa kukakhala kwa mutalowa kale, kawirikawiri olakwa amakhala mapulogalamu amene amadziyatsa okha pamodzi ndi kompyuta.

Mapulogalamu ambiri mukamawaika amadzilembetsa pamndandanda wa odzuka m'mamawa, ena osakufunsani n'komwe. Oimba nyimbo, ochezerana, ochitira misonkhano, a purintala imene mudaigwiritsa ntchito kamodzi chaka chatha, onsewa amafuna kuti mukawaitana apezeke ali chilili. Tsono onse amathamangira pamalo amodzi nthawi imodzi, ngati anthu khumi ofika ndi zidebe pamjigo umodzi. Mjigowo ndi disiki ya kompyuta, ndipo inu mwini wake mumaima kumapeto kwa mzere.

Mndandandawu ngosavuta kuupeza. Dinani mabatani atatu pamodzi, Ctrl, Shift ndi Esc, ndipo patsekuka Task Manager. Pa Windows 10 sankhani pamene palembedwa Startup, pa Windows 11 ndi Startup apps. Ngati kawindo katuluka kakang'ono kopanda zambiri, dinani More details kaye. Pambali pa dzina lililonse pali mawu osonyeza ngati pulogalamuyo ndi yoyatsidwa, Enabled, kapena yoletsedwa, Disabled, komanso kulemera kwake pansi pa mutu wa Startup impact.

Kulemeraku sikongoyerekeza. Windows imayeza yokha. Pulogalamu imalembedwa High ngati podzuka yagwiritsa ntchito ubongo wa kompyuta kupitirira sekondi imodzi, kapena yawerenga ndi kulemba pa disiki zoposa mamegabaiti 3. Yopepuka kwenikweni imalembedwa Low, yapakati Medium. Sekondi imodzi ingaoneke yochepa, koma zikakhala zambiri n'kumalimbirana disiki imodzi, iliyonse imachedwetsa inzake.

Pa laputopu ya mwanayu padali mayina 14, ndipo asanu adali a High. Akuluakulu adati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma, choncho sitidangoletsa zonse mwachisawawa. Pa dzina lililonse ndimamufunsa funso limodzi: kodi ichi umachifuna tsiku lililonse ukangoyatsa? Pulogalamu ya nyimbo, ayi. Ya misonkhano, kamodzi pasabata. Ya masewero, adasiya kalekale. Iliyonse yotere tidaisankha n'kudina Disable. Kutero sikuifufuta. Imakhalabe m'kompyuta, ndipo mukaifuna mumaitsekula monga mwa masiku onse. Mukasintha maganizo mumabwerera pomwepo n'kudina Enable.

Pali ena ofunika kuwasiya. Zokhudza chitetezo cha kompyuta, zoyendetsa mawu ndi kamalo koyendetsapo chala kaja musazikhudze. Pulogalamu yosunga mafayilo anu pa intaneti, monga OneDrive kapena Google Drive, mukailetsa dziwani kuti zimene mukulemba sizipita kosungirako mpaka mutaitsekula nokha. Dzina lachilendo musaliweruze msanga. Lidineni ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Search online kuti mudziwe ntchito yake, kapena Open file location kuti muone kumene likukhala.

Chachiwiri chimene tidapeza chidali mapulogalamu awiri olimbana ndi mavairasi. Ina idali yoyeserera chabe, imene nthawi yake idatha kale, ina adaika mnzake. Awiri otere amafufuza mafayilo omwewo, nthawi zina n'kumafufuzana okhaokha. Amenewa Disable sawakwanira, chifukwa mbali yawo yaikulu imayenda kuseri ndipo sioneka pamndandanda uja. Tidawachotseratu onse kudzera pa Settings, kenako Apps. Windows 10 ndi 11 zili ndi mlonda wakewake, Microsoft Defender, amene amayambiranso ntchito alonda obwera akachoka.

Kupatula odzuka m'mamawa, palinso okana kugona. Mukadina X pakona, mapulogalamu ena amangobisala. Mudzawapeza mukadina kamuvi kamene kali pafupi ndi wotchi, pansi kumanja kwa sikirini. Amadya memore, amatsitsa batire, ndipo kwa ife amene timalumikiza laputopu ku bandulo ya pafoni, amamwa deta mwakachetechete. Pa Windows 10 pitani ku Settings, Privacy, kenako Background apps, muzimitse amene simukuwafuna. Pa Windows 11 mumachita imodziimodzi: pamndandanda wa mapulogalamu mu Settings sankhani Advanced options ya pulogalamuyo, n'kuika Never. Njirayi imagwira makamaka mapulogalamu a mtundu wa Microsoft Store. Enawo muyenera kulowa m'zosankha zawo momwe. Chrome, mwachitsanzo, ili ndi batani pansi pa System lolola kuti izipitiriza ntchito mutaitseka, ndipo mungalizimitse.

Poyesa zotsatira gwiritsani ntchito Restart. Pa makompyuta ambiri Shut down sizimitsiratu zonse, chifukwa Windows imasunga mbali ina ya momwe zinthu zidalili kuti idzadzuke msanga. Restart ndiyo imayambira pachiyambi penipeni. Ife titatero, mphindi zinayi zija zidatsika kufika pa mphindi imodzi ndi theka.

Mwanayo adafuna kuti tipitirize kuletsa mpaka ifike masekondi khumi ngati ya mnzake. Apa ndidamuonetsa malire. Mu Task Manager momwemo tidatsekula Performance n'kuyang'ana Disk. Padalembedwa HDD, ndipo atangolowa mulingo wake umakwera kufika 100 peresenti kwa kanthawi. HDD ndi disiki yozungulira, yokhala ndi kasingano koyenda uku ndi uku kufuna fayilo iliyonse. SSD ilibe chozungulira, ndipo imapereka timafayilo tambirimbiri mofulumira kwambiri. Ngati mwayeretsa mndandanda koma Disk ikukhalabe pa 100, yankho ndi kusintha disikiyo, ndipo zimenezi n'zotchipa kusiyana ndi kugula laputopu ina. Ngati ndi Memory imene ikumadzaza, monga zimachitikira makina a magigabaiti 4, ndiye kuti pakufunika kuwonjezera RAM. Koma ngati kuchedwa kuli koyambirira, chizindikiro cha Windows chisanaoneke n'komwe, mlandu si wa mapulogalamu. Yambani mwazula mafulashi ndi zina zonse zolumikizidwa, muyesenso.

Chenjeraninso ndi mapulogalamu olonjeza kufulumizitsa kompyuta ndi batani limodzi. Ambiri a iwo amadzilembetsa pamndandanda womwewo, n'kukhala chidebe china pamjigo.

Mndandandawu umameranso, chifukwa pulogalamu yatsopano iliyonse ikhoza kudziwonjezerapo. Choncho mukaika pulogalamu, tsekulani Task Manager tsiku lomwelo muone ngati mlendoyo wadzilembetsa. Ndipo musanapite ndi laputopu kwa okonza, tengani wotchi, yezani pamene nthawi ikutayikira, kenako letsani a High amene simuwafuna m'mamawa.