Sikelo Ya Pamsewu Imayeza Ekiselo Iliyonse Payokha

Alimi ambiri amadabwa akamva kuti lole yonyamula fodya wawo yagwidwa pa sikelo ya ku Balaka, chonsecho sinadzaze. Chifukwa chake nachi.

Lole ikafika pa sikelo, dalaivala amaimika matayala akutsogolo pa chitsulo choyezera, kenaka akumbuyo. Motero ekiselo iliyonse, chitsulo chija cholumikiza matayala a mbali ziwiri, imayezedwa payokha. Yakutsogolo isapose matani 8, ndipo yakumbuyo ya matayala anayi isapose matani 10.

Tiyerekeze kuti lole yonse pamodzi ndi katundu ikulemera matani 17. Ngati onyamula anaunjika mabelo kumbuyo, sikelo ingathe kuonetsa matani 5 kutsogolo ndi 12 kumbuyo. Loleyo yalakwira lamulo. Siichoka mpaka katundu atakonzedwa kapena kutsitsidwa, fodya ali padzuwa.

Matani awiri opyolawo angaoneke ochepa, koma akatswiri a misewu anapeza kuti ekiselo ya matani 12 imaononga msewu kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ya matani 10. Phula limayamba kulowa m'mene mumaponda matayala, nkung'aluka. Mvula ikalowa m'ming'alumo, dothi lapansi limafewa, maenje nkubadwa.

Tsono popakira, yambani kusanja mabelo kufupi ndi dalaivala, ndipo muwamange zolimba kuti asasendere kumbuyo pokwera chitunda.