Makope Anayi a Mayeso Amodzi: Lenileni Ndi Liti?

M'masiku a taipilaita, kope lakale la kalata linkadziŵika ndi maso, pakuti linali lodzala ndi mizere ya inki yofiira. Fayilo ya pa kompyuta ilibe zipsera zotere: yadzana ndi yalero zimaoneka zoyera chimodzimodzi. Nchifukwa chake munthu amene walandira makope angapo a fayilo imodzi amasoŵa pogwira.

Chitsanzo chake nachi. Mphunzitsi wa masamu walemba mayeso a Fomu 2 Lolemba, natumiza kope kwa mkulu wa nthambi ya masamu ndi kwa mphunzitsi mnzake. Lachiŵiri mkuluyo wapeza kuti malikisi akuthera pa 98 m'malo mwa 100, ndipo wakonza funso 7. Mwini mayeso wawonjeza zina natumizanso Lachitatu. Koma mnzake uja, amene anatanganidwa, watsegula kope la Lolemba, wakonza chithunzi cha pa funso 12, nalitumiza Lachinayi. Tsopano mlembi wa pasukulu ali ndi mafayilo aŵa:

```
mayeso.docx
mayeso (1).docx
mayeso final.docx
mayeso final2.docx
```

Mlembiyo asindikiza kope limene lafika pomalizira, poganiza kuti ndilo latsopano. Chonsecho kopelo linachokera ku la Lolemba, ndipo cholakwa cha pa funso 7 chikadali momwemo. Mapepala a ana 120 awonongeka, mayeso achedwa; madzi akatayika saoleka.

Zinthu zitatu zimanyenga munthu pamenepa. Nambala ya m'mabulaketi, monga (1), imaikidwa ndi makina pamene fayilo ya dzina lomwelo yalandiridwanso. Imanena za kafikidwe, osati za kalembedwe. Tsiku limene kompyuta imasonyeza pambali pa fayilo kaŵirikaŵiri limakhala tsiku limene fayiloyo inalandiridwa kapena kusungidwa komaliza, ngakhale munthu atangosinthamo kadontho. Ndipo mawu oti `final` ndi lonjezo chabe, limene limasweka cholakwa china chikangopezeka.

Mankhwala ake ali m'dzina la fayilo. Dzina labwino limanena zinthu zitatu: chimene chili m'kati, nambala ya kope, ndi tsiku.

```
masamu-f2_v01_2024-03-11.docx
masamu-f2_v02_2024-03-12.docx
```

Tsiku liyambe ndi chaka, kenaka mwezi, pomaliza tsiku lenileni, monga mwa dongosolo la ISO 8601 limene linatuluka koyamba mu 1988. Kulemba 11/03 kuli ndi zovuta ziŵiri: ena amaŵerenga kuti 11 Malichi, ena 3 Novembala, ndiponso kompyuta silola chizindikiro cha `/` m'dzina la fayilo. Nambala ya kope iyambe ndi ziro, chifukwa mapulogalamu ena poyala maina amaika `v10` patsogolo pa `v2`, pomwe `v02` imakhala pamalo pake.

Komabe nambala payokha sikadapulumutsa sukulu ija, pakuti anthu aŵiri akhoza kutcha makope awo `v02` tsiku limodzi. Chofunika ndi chakuti wopereka manambala akhale mmodzi, ndiye mwini mayeso. Wokonza aliyense asasinthe nambala, koma awonjeze zilembo zoyamba za dzina lake kumapeto, monga `v01_AB`. Potero kope la Lachinayi lija likadadziulula lokha: mlembi akadaona kuti ndi mwana wa `v01`, pomwe `v03` inali itatuluka kale. Ntchito ya mwini mayeso ikadakhala kutenga chithunzi chokonzedwacho, kuchiika mu `v03`, ndi kutulutsa `v04`.

Kope logwirirapo ntchito liyenera kukhala limodzi pa nthaŵi imodzi. Potumiza, mwini wake alembe mawu ochepa omveka: kuti ili ndi `v04`, kuti lalowa m'malo mwa onse akale, ndi kuti zosintha zili pa mafunso 7 ndi 12. Makope akale asafufutidwe, chifukwa nthaŵi zina funso lochotsedwa limafunikanso; angosamutsidwira m'foda yawoyawo yotchedwa `zakale`. Mkulu akavomereza, kopelo lisungidwe monga PDF, ndipo ilo lokha lipite kosindikiza.

Njirayi ili ndi malire ake. Dzina limatsala m'kompyuta pepala likasindikizidwa, ndiponso foni ikhoza kudula dzina lalitali, nkubisa kumapeto kwake. Chifukwa cha ichi dzina lifupike, ndipo nambala ya kope ndi tsiku zilembedwenso m'munsi mwa tsamba lililonse. Mlembi asanayatse makina, asindikize tsamba limodzi lokha, ayerekeze nambala ya m'munsiyo ndi imene mwini mayeso ananena, ndi kuŵerenga funso 7. Zikagwirizana, pamenepo mapepala 120 aja akhoza kutuluka.