Malita 5 a petulo, oyilo wochuluka bwanji?

Mvula ikakhazikika, makina otchetchera udzu amayamba kulira m'masukulu ndi m'mbali mwa misewu. Ambiri mwa makinawa ali ndi injini ya thusitiroko, yomwe ilibe mosungira oyilo pansi pake ngati injini ya galimoto. Oyilo amalowa pamodzi ndi petulo, n'kufewetsa pisitoni, kenako n'kupsera limodzi. Choncho moyo wa injiniyo uli m'chigubu chimene mwasakaniziramo.

Muyezo umalembedwa m'kabuku ka makina kapena pa chivindikiro cha thanki. Mukaona 50:1, ndiye kuti magawo 50 a petulo amafuna gawo limodzi la oyilo. Lita imodzi ndi mamililita 1,000, ndipo mukagawa ndi 50 mupeza mamililita 20. Makina a Stihl amayendera muyezo umenewu, koma ena otsika mtengo amafuna 25:1, kutanthauza mamililita 40 pa lita.

Tinene kuti mwagula malita 5 ndipo makina anu ndi a 50:1. Mukufunika mamililita 100 a oyilo wolembedwa 2T, osati wa galimoto, yemwe amasiya mwaye wambiri akapsa. Yezani ndi sirinji ya mamililita 20, kasanu. Thirani theka la petulo m'chigubu choyera, onjezani oyilo yense, tsekani n'kukhutchumula. Kenako thirani petulo wotsalayo ndi kukhutchumulanso. Musasakanizire m'thanki ya makina, chifukwa oyilo amakakhala pansi osasungunuka bwino.

Mukaphonya muyezo, injini imaulula yokha. Oyilo akachuluka, utsi wabuluu umatuluka wambiri, pulagi imada ndi kunyowa, ekizozi imadontha zakuda, ndipo makina amavuta kuliza. Apa mungotsuka pulagi ndi kusakaniza mafuta ena. Oyilo akachepa ndiye pali tsoka: injini imatentha kwambiri, mphamvu imatsika, pisitoni imakanda silinda mpaka kugwira. Mukakoka chingwe sichibwera, ndipo mmakaniki adzakuuzani kuti mugule pisitoni ndi silinda zatsopano.

Sakanizani wokwanira masabata ochepa basi. Petulo wa ku Malawi kuno amathiramo ethanolo wochokera ku nzimbe, yemwe amakoka chinyezi, motero mafuta osakaniza akapitirira mwezi sakhalanso odalirika.

Panjinga yamoto, yambani mwadziwa mtundu wa injini. Njinga zambiri za kabaza ndi za folositiroko: oyilo wake ali ndi malo akeake ndipo sathiridwa mu petulo. Yamaha AG100 ndi DT125 ndi za thusitiroko, koma zili ndi kathanki ka oyilo ndi pampu yomwe imayeza yokha. Mumasakaniza pamanja pokhapokha ngati pampuyo inachotsedwa. Mukagula yakale, funsani zimenezi musanailize, poti mwina kathankiko n'kodzadza koma oyilo sakufika ku injini.